Imbani, lembani kapena lowani: kasitomala mukumuuza kuti atani?

Ku Mchesi mumzinda wa Lilongwe kuli akalipentala ambiri amene pamalo amodzi amakhoma mabedi, masofa, madesiki a sukulu ndiponso mabokosi a maliro. Thabwa lake likhoza kukhala limodzi, mmisiri yemweyo, koma ogula zinthu zinayizi safanana. Wofuna bokosi ali pachisoni, ali ndi changu, ndipo mwina nthawi ili cha m'ma 4 koloko m'mamawa. Wofuna bedi akhoza kutha milungu iwiri akuyang'ana zithunzi ndi kufunsana ndi akunyumba. Wofuna madesiki ndi mphunzitsi wamkulu kapena mlembi wa komiti ya sukulu, amene akufunika mitengo yolembedwa yoti akaonetse anzake pamsonkhano. Komabe mukaona chikwangwani kapena tsamba la Facebook la shopu yotere, mupeza kuti onsewa akuuzidwa chinthu chimodzi: "Tipezeni pa manambala awa."

Chiganizo chotsiriza cha malonda, chija chimauza munthu choti achite akamaliza kuwerenga kapena kumvera, ndicho ambiri amachilemba mothamanga. Amataya nthawi pa chithunzi ndi pa mawu otamanda katundu, kenaka n'kuponyapo nambala, linki ndi dzina la tsamba, zonse pamodzi, poganiza kuti kasitomala asankha yekha. Kawirikawiri sasankha. Amangopitirira. Chimene chimaiwalika n'choti kuimba foni, kutumiza uthenga ndi kutsegula webusaiti ndi ntchito zitatu zosiyana, ndipo iliyonse imamudyera kasitomala china chake. Mawu anu oitanira ayenera kumuchepetsera mtengo umenewo, apo ayi sachita.

Tiyambe ndi bokosi la maliro, pakuti apa foni ilibe mpikisano. Munthu woferedwa sangalembe uthenga n'kukhala pansi kudikira kuti timizere tiwiri tija tisanduke tabuluu. Akufuna liwu la munthu lomuuza kuti bokosi lilipo, mtengo wake ndi wakuti, ndipo galimoto ifika nthawi yakuti. Foni imayenera malonda onse a mtundu umenewu: pamene pali changu, pamene nkhani ili ndi mafunso ambiri obwerezabwereza, kapena pamene wogula sadziwa bwino kulemba ndipo foni yake ndi ya mabatani.

Koma kuimba kumadya mayunitsi, ndipo kumafunanso mtima. Anthu ambiri amaopa kuimbira nambala yachilendo chifukwa sadziwa amene ayankhe, sadziwa ngati ayankha n'komwe, ndipo amaopa kuchita manyazi akamva mtengo woti sangaukwanitse. Choncho mawu oti "Imbani tsopano" paokha sakwanira. Ayenera kuyankha mafunso atatu munthu asanafunse: ndiimbe nthawi yanji, andiyankha ndani, ndipo ndikaimba ndipezapo chiyani. Kalipentala wathu akhoza kulemba motere: "Mabokosi okhomeratu alipo. Imbani usana kapena usiku, ayankha mwini shopu, ndipo akuuzani mtengo ndi nthawi yofikira pomwepo." Lonjezo la usiku alilembe pokhapokha ngati foniyo imagonadi kumutu kwa bedi ili yoyatsa. Ngati shopu imayankha kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, alembe choncho basi. Munthu amene waimba kawiri osayankhidwa saimbanso kachitatu, amaimbira shopu yoyandikana nayo.

Nkhani ya mayunitsi ili ndi mankhwala ake amene Amalawi tinawapeza kalekale: kufulasha. Chiganizo choti "Fulashani, tikuimbirani ife" chimasamutsa mtengo wonse kuchoka kwa kasitomala kupita kwa wogulitsa. Pa katundu wa phindu lalikulu ngati bokosi kapena sofa, mayunitsi a mphindi zitatu si kanthu. Pa katundu wa phindu lochepa, njirayi ikhoza kukudyerani mpamba, chifukwa amafulasha ndi ongoyesa omwe. Chinanso n'chakuti anthu ambiri amagula mabandulo oimbira pa netiweki yawo yokha, ndiye pachikwangwani ndi bwino kuika nambala ya Airtel ndi ya TNM, iliyonse pamzere wake, kuti munthu aone yekha 099 kapena 088 n'kusankha yake.

Pawailesi ndiye zimasintha. Womvera Zodiak kapena MBC alibe cholembera m'manja, mwina akupalasa njinga kapena akutsuka mbale. Manambala awiri otchulidwa motsatizana amasakanikirana m'mutu, ndipo pamapeto pake sagwira ngakhale imodzi. Nambala ikhale imodzi, yotchulidwa pang'onopang'ono m'magulu a manambala atatu kapena anayi, n'kubwerezedwa mofanana ndendende. Mukaitchula koyamba m'magulu ena, kachiwiri m'magulu ena, khutu limamva ngati manambala awiri osiyana.

Pa Facebook pali batani lolembedwa "Call now". Munthu akalidina, foni yake imatsegula poimbira nambala italembedwa kale, koma ayenera kudinanso kuti foniyo ilire. Ambiri amalekera pomwepo. N'chifukwa chake chiwerengero cha odina batani chimene mumaona pa tsamba lanu sichifanana ndi cha mafoni amene analiradi. Ndiponso malonda olipira amayenda usiku wonse ngati simunawaikire nthawi. Mu Ads Manager muli posankha maola oti malonda azioneka, ndipo wogulitsa wodalira foni ayenera kuwafananitsa ndi maola amene pamakhala munthu woyankha.

Tsopano bedi. Apa ndipo pali nkhani yaitali, chifukwa uthenga wa pa WhatsApp ndiwo wasanduka msika weniweni wa malonda ang'onoang'ono, ndipo ndi pamene anthu ambiri amatayira nthawi osadziwa.

Uthenga ndi wotchipa kwa kasitomala. Safunika kulankhula ndi munthu, akhoza kulemba ali m'minibasi kapena ali kuntchito bwana ali pafupi, ndipo akaona kuti mtengo wakwera amangokhala chete popanda manyazi. Kutchipa kumeneku ndiko ubwino wake, ndiko vuto lakenso. Mukalemba kuti "Tilembereni pa WhatsApp", mulandira mulu wa mauthenga onena kuti "Moni", "Zingati?", "Muli kuti?" Wina angotumiza kachithunzi ka chala chachikulu. Kalipentala asiya chipalo, apukuta m'manja, ayankha "Moni bambo, tikuthandizeni bwanji?", ndipo yankho lidzabwera mawa kapena silidzabweranso. Tsiku latha, bedi silinakhomedwe, palibe amene wagula.

Pa foni munali kulimbikitsa munthu kuti achite. Pa uthenga ntchito ya mawu oitanira ndi ina: kumuuza choti alembe, kuti uthenga woyamba ufike uli ndi nkhani kale. Taonani kusiyana kwa "Tilembereni" ndi mawu awa: "Tumizani pa WhatsApp kukula kwa matilesi anu ndi dera limene mukukhala. Tikutumizirani zithunzi za mabedi atatu ndi mitengo yake lero lomwe." Munthu amene wapita kuchipinda kukayang'ana ngati matilesi ake ndi a dabulo wasonyeza kuti akufunadi bedi. Wongodutsa sachita zimenezo. Mauthenga achepa, koma amene afika ndi oti mukhoza kuwayankha kamodzi n'kumaliza: mtengo wa bedi la paini, mtengo wa la mlombwa, ndi ndalama ya galimoto yokafika ku Area 25 kapena ku Kawale. Musapemphe zinthu zoposa ziwiri kapena zitatu. Mukafunsa dzina, adiresi, kukula, mtundu wa thabwa ndi tsiku lofunira, mwasandutsa uthenga kukhala fomu ya ku ofesi, ndipo munthu athawa.

Pali chizolowezi china chimene ine sindigwirizana nacho, chobisa mtengo n'kulemba kuti ofuna kudziwa abwere ku inibokosi. Ochita izi amati akufuna kukopa anthu kuti alembe, ndipo anthu amalembadi. Koma ambiri mwa iwo akungofuna nambala imodzi yokha, mtengo, ndipo akaumva amasowa. Ena amene akanagula salemba n'komwe, chifukwa amaganiza kuti mtengo umasintha potengera nkhope ya wofunsa. Kulemba kuti "mabedi kuyambira pa mtengo wakuti" kumachotsa magulu onse awiriwa pa vuto. Amene alemba amakhala atavomera kale mumtima kuti ndalamayo ali nayo.

WhatsApp ili ndi njira yolembera kasitomala uthenga woyamba. Linki yake imapangidwa ndi nambala yanu yoyamba ndi 265, popanda chizindikiro cha kuphatikiza, popanda mipata, ndiponso popanda ziro woyambirira uja:

```
https://wa.me/26599XXXXXXX?text=Ndikufuna%20bedi%20la%20dabulo
```

Munthu akadina, WhatsApp yake imatseguka pa nambala yanu mawu oti "Ndikufuna bedi la dabulo" atalembedwa kale, iye n'kungotumiza. Chizindikiro cha %20 chikuimira mpata pakati pa mawu. Cholakwika chofala kwambiri ndi kusiya ziro, kulemba 2650 m'malo mwa 265. Linki yotere imaoneka bwinobwino ndi maso koma siifikitsa munthu kwa inu, ndipo palibe kasitomala amene adzakuuzeni, pakuti alibe pokupezerani. Malonda akhoza kuyenda sabata yathunthu foni ili zii, mwini wake n'kumati anthu alibe ndalama. Musanalipire chilichonse, tumizani linkiyo ku foni ya mnzanu amene sanasunge nambala yanu, adine inu mukuona.

Mawu olembedweratuwa ali ndi ntchito yachiwiri. Mukaika linki yonena kuti "Ndaona bedi pa Facebook" pamalo ena, ndi yonena kuti "Ndaona bedi pa Status" pamalo ena, uthenga uliwonse ufika ukunena wokha kumene wachokera. Simufunikanso kufunsa. Amene amalipira malonda a batani la "Send message" achenjere ndi mafunso amene Facebook imaika yokha m'Chingerezi, monga ofunsa ngati katunduyo akadalipo. Anthu amawadina mwangozi, ndipo mukawayankha amadabwa kuti ndinu ndani. Mafunsowa amatheka kusintha, ndipo ndi bwino kuwalemba m'Chichewa ndi mawu okhudza katundu wanu weniweni.

Lonjezo la nthawi ndilo mtima wa mawu oitanira ku uthenga. Wolemba uthenga walemberanso mashopu ena awiri nthawi yomweyo, ndipo kawirikawiri amapitiriza ndi amene wayankha msanga ndi yankho lokwanira. Mukalemba kuti "tiyankha lero lomwe", pakhale munthu wogwira foniyo. WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018 ndipo ndi yaulere, imathandiza pa izi. Ili ndi "Away message" yoyankha yokha shopu ikatsekedwa, ndi "Quick replies" yosungira mayankho amene mumabwereza tsiku lililonse, moti mumangolemba / n'kusankha. Uthenga wodziyankha wokha usamangoti "Zikomo potilembera". Unene nthawi imene munthu ayankhidwe, ndipo umupemphe atumiziretu kukula kwa matilesi.

Ndipo musaiwale chimene chili kuseri kwa mtima wa aliyense wogula kudzera pa foni m'Malawi muno: mantha obedwa. Anthu amva nkhani zambiri za otumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, katundu osabwera, nambala n'kuzimitsidwa. Mawu oitanira amene akuti "tumizani dipoziti" pachiyambi penipeni amanunkha chinyengo ngakhale wolembayo ali woona mtima. Chopempha choyamba chikhale chaulere. Nkhani ya ndalama ibwere munthu ataona zithunzi, atadziwa pamene pali shopu, ndiponso atauzidwa dzina limene lioneke pa foni yake potumiza.

Madesiki a sukulu ndiwo angafune webusaiti, ndipo ndinene mosabisa kuti mwa njira zitatuzi, iyi ndiyo imayenera malonda ang'onoang'ono ochepa kwambiri. Webusaiti ili ndi ntchito pamene pali zambiri zoti munthu awerenge yekha modekha: mndandanda wa mitengo, miyeso, zithunzi za ntchito zakale, fomu yopemphera koteshoni. Mlembi wa komiti ya sukulu, kapena wogula zinthu za bungwe ali pa kompyuta ya ku ofesi, angakonde zimenezi kuposa kucheza pa WhatsApp. Chimodzimodzi m'bale amene ali ku Joni kapena ku Mangalande ndipo akufuna kugulira makolo mipando: intaneti kwa iye si vuto, chimene akufuna ndi umboni woti shopuyo ilipodi.

Kwa kasitomala wamba wa m'tauni, chopinga ndi bandulo. Anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya masamba a mchezo okha. Malonda anu amawaona bwinobwino pa Facebook, amadina linki, koma tsambalo lili kunja kwa bandulo yawo ndipo silitseguka. Ngati mukulipira potengera kudina, ndalama yapita, munthu sanaone kanthu. Mungadziwe kuti izi zikuchitika poyerekeza manambala awiri: "Link clicks" amene Facebook ikukuonetsani, ndi chiwerengero cha anthu amene chida chowerengera pa webusaiti yanu, monga Google Analytics, chikuti afikadi. Ngati odina ndi 200 koma ofika ndi 60, vuto si mawu anu. Ndi bandulo, kapena tsamba lolemedwa ndi zithunzi zikuluzikulu loti munthu amatopa nalo lisanatseguke.

Choncho munthu woitanidwa ku webusaiti ayenera kuuzidwa chimene akachipeze, kuti aone ngati n'choyenera data yake. Batani la "Learn more" silinena kanthu palokha, ndiye mawu a pamwamba pake agwire ntchitoyo: "Onani mitengo ya madesiki a pulaimale ndi sekondale, ndi miyeso yake, patsamba limodzi." Ndipo linkiyo ikafikire pa tsamba la madesiki lenilenilo, osati pa khomo la webusaiti pamene pali mbiri ya kampani ndi chithunzi cha mwini wake. Kuitanira munthu mitengo n'kumufikitsa pa mbiri kuli ngati kuuza mlendo kuti nsima yapsa kenaka n'kumusiya pachipata kuti afunefune yekha khitchini.

Kusiyana kwina n'kwakuti foni ndi uthenga zimathera kwa munthu, pamene webusaiti imathera pa tsamba. Palibe womufunsa mlendo kuti "tikuthandizeni bwanji?" Ndiye tsambalo lifunika mawu akeake oitanira, ooneka munthu asanatsike pansi: apemphe koteshoni, aimbe, kapena adine kupita ku WhatsApp. Kulowa pa webusaiti pakokha sikunagulitsepo desiki. Malo oika linki nawo ndi ofunika kuwaganizira. Pa Instagram, linki yolembedwa m'mawu a pansi pa chithunzi sidinika. Pachikwangwani cha m'mbali mwa msewu palibe amene angakopere adiresi yaitali, ndipo pawailesi adiresi yokhala ndi mizere ndi zizindikiro imangotayika.

Kwa ofuna kudziwa kumene alendo a webusaiti akuchokera, pali timawu towonjezera kumapeto kwa linki:

```
?utm_source=facebook&utm_campaign=madesiki
```

Tsamba limatseguka chimodzimodzi, koma chida chowerengera chimalemba kuti mlendoyu wabwera kudzera pa malonda a madesiki a pa Facebook.

Nanga bwanji osangoika zonse zitatu kuti aliyense atenge yake? Pachikwangwani cha pashopu palibe vuto, bola chimodzi chikhale chachikulu, zinazo zazing'ono pansi. Koma pa malonda olipira pa Facebook ndi Instagram nkhani ndi ina, chifukwa cholinga chimene mwasankha sichisintha batani lokha, chimasinthanso anthu oona malondawo. Mukasankha mauthenga, makina a Meta amafunafuna anthu amene amakonda kulembera mabizinesi. Mukasankha olowa pa webusaiti, amafunafuna okonda kudina malinki. Awa ndi magulu osiyana ndithu. Wogulitsa amene wasankha cholinga cha webusaiti koma m'mawu ake walemba kuti "imbani nambala iyi" walipira kuti apezeredwe odina, kenaka akuwapempha chinthu china. Batani, mawu ndi cholinga ziyenera kunena chinthu chimodzi. Wokhala ndi katundu wa mitundu itatu ngati kalipentala wathu apange malonda atatu osiyana, ngakhale atagawa ndalama yomweyo patatu.

Pomaliza pake, chimene chimanamiza anthu ndi kuwerengera. Tiyerekeze kuti kalipentala waika K30,000 pa malonda a bedi a mauthenga, ndipo walandira mauthenga 60. Uthenga umodzi wamudyera K500, zomwe zikuoneka zotchipa. Sabata ina waika K30,000 yomweyo pa malonda oitanira foni, ndipo foni yalira ka 10 kokha, K3,000 pa foni imodzi. Akangoyang'ana pamenepo anena kuti foni ndi yodula kasanu ndi kamodzi. Koma akatsegula kope lake n'kupeza kuti mwa olemba 60 aja anagula ndi atatu, pamene mwa oimba 10 aja anagula ndi anayi, ndiye kuti kasitomala wa uthenga wamudyera K10,000 ndipo wa foni K7,500, osawerengera maola amene anataya poyankha a "Zingati?" aja. Manambalawa ndi ongoyerekeza, ndipo pa shopu ina akhoza kutembenuka, koma masamu ake ndi omwewo: ndalama yonse igawidwe ndi ogula, osati ndi odina.

Facebook sidziwa amene wagula bedi ndi ndalama ya m'manja ku Mchesi. Zimenezo zimadziwika ndi kope la mizere inayi: tsiku, njira imene munthu wabwerera, chimene amafuna, ndiponso ngati wagula. Pa uthenga, mawu olembedweratu aja akuuzani kumene wachokera, ndipo WhatsApp Business imalola kuika chizindikiro pa macheza aliwonse, monga "wafunsa", "walipira", "walandira". Pa foni muyenera kufunsa nokha, nkhani ya mtengo ikatha: "Pepani mayi, nambala yathu mwaipeza kuti?" Ena amagula simukhadi yapadera ya malonda a pawailesi okha, kuti foni imeneyo ikalira adziwiretu kuti ndi wailesi yagwira ntchito. Kopeli lisungidwe kwa mwezi wathunthu musanaweruze, chifukwa anthu ambiri ogula mabedi ndi masofa amafunsa pakati pa mwezi n'kudzalipira malipiro akatuluka.